Ndemanga Zikasowa Pansi pa Kanema wa pa YouTube

Pa YouTube, uthenga wakuti "Comments are turned off" pansi pa kanema umatanthauza kuti palibe aliyense angalembepo ndemanga. Uthengawu wokha sufotokoza chifukwa chake, choncho woonera amayenera kutsegula makanema ena a tchanelo chomwecho. Ngati kanema wa nyimbo watsekedwa pomwe anzake ali ndi ndemanga, vuto lili pa kanemayo yekha. Akapezeka onse ndi otsekedwa, kawirikawiri mwini tchanelo anasankha zimenezo, kapena anaika tchanelocho m'gulu la "Made for kids", lomwe silivomereza ndemanga.

Zimakhala zosiyana bokosi lolembamo likamaoneka koma ndemanga yomwe munthu walemba anzake sakuiona. Apa mwini tchanelo amakhala kuti akuzisunga kaye kuti aziunike, kapena anabisa wolembayo. Kuyang'ana pa foni ya mnzake kumatsimikizira zimenezi.