Nyumba ya Womwalira: Msonkho Ulipidwa Liti?

Maliro akatha ndipo acibale akakhala pansi kukambirana za cuma ca masiye, ambiri amawerenga ng'ombe, njinga ndi nyumba, koma amaiwala kuwerenga ndalama zimene zidzatuluka cumaco cisanafike m'manja mwa ana. Kuno ku Lundazi nkhani imakula makamaka pamene womwalira anasiya nyumba ya taitolo pa boma.

Coyamba tisiyanitse malo. Munda wa kumudzi, monga kwa Mwase, kwa Kapichila kapena kwa Mphamba, uli m'manja mwa mafumu, ndipo lamulo la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo, la caka ca 1989, silikhudza malo otere. Nkhani yace imathera kwa anyakwawa ndi mfumu. Ndiponso Boma linathetsa msonkho wa pa cuma ca womwalira m'caka ca 1996. Tero munthu wokuuzani kuti mupereke "msonkho wa imfa" musanagawane mbuzi ndi mipando, ameneyo afuna kukudyerani.

Nyumba ya taitolo ndiyo iri ndi njira yace. Kalata ya uadiministireta yocokera ku khoti laling'ono la kwanu siikwanira posintha dzina pa taitolo. Pafunika kalata ya Khoti Lalikulu, ndiye kuti maulendo a ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 180, ndi ndalama zolipira ku khoti. Kalatayo ikatuluka iyenera kulembetsedwa ku Unduna wa Malo pasanathe miyezi 12. Apa ndi pamene mabanja ambiri amagwa: amaika kalata m'sutikesi, zaka nkupita, ndipo pofuna kuigwiritsa nchito amauzidwa kuti abwerere ku khoti kukapempha nthawi ina, ndi ndalama zinanso.

Tiyerekeze kuti bambo wina wamwalira nasiya mkazi, ana atatu ndi nyumba imodzi ya mtengo wa K300,000. Mwa lamulo nyumbayo ndi ya mai ndi ana pamodzi, ndipo mai ali ndi ufulu wokhalamo moyo wao wonse pokhapokha atakwatiwanso. Dzina likacoka kwa malemu kupita kwa iwowa, msonkho wosinthira mwini wa katundu sulipidwa. Komabe adiministireta apite ku bungwe la misonkho la ZRA kukatenga cikalata coonetsa kuti palibe ngongole, pakuti popanda ico a Unduna wa Malo salemba dzina latsopano. Ngati malemu anali ndi ngongole ya lendi ya nthaka ku Unduna, kapena ya maleti ku khonsolo, imeneyo iyenera kulipidwa kucokera m'cuma comweco.

Tsono banja likaganiza zogulitsa nyumbayo kwa munthu wapadera, zinthu zisintha. Adiministireta sangagulitse mwa iye yekha. Ayambe wapempha cilolezo ca khoti, ndiponso ca Boma kudzera ku Unduna wa Malo. Pamenepo msonkho ulowa. Unali magawo 5 pa 100 alionse, koma kuyambira pa 1 Januwale 2025 unakwera kufika pa magawo 8. Pa K300,000 ndiye kuti K24,000, ndipo mwa lamulo wolipira ndi wogulitsa, osati wogula.

Kawirikawiri banja la pa mavuto limagulitsa mothamanga. Tinene kuti lalandira K250,000 cabe. Lidzayembekeza msonkho wa K20,000, koma a ZRA sayang'ana mtengo wolembedwa pa pepala wokha. Akaona kuti pa msika nyumbayo ikanagulidwa K300,000, adzawerengera pa mtengo umenewo, ndipo msonkho udzakhalabe K24,000. Banja lidzatsala ndi K226,000, lisanacotse ngongole, za maulendo ndi za loya ngati alipo. Kulemba mtengo wabodza pa cipangano, monga ena amanyengererana, sikupulumutsa ngwee ndi imodzi yomwe.

Palinso msampha wina umene umagwira mabanja a mtima wabwino. Pa nkhani ya msonkho uwu, lamulo likati "a m'banja" litanthauza mwamuna, mkazi ndi ana basi. Mng'ono wa malemu kapena mphwao sali m'gulu limeneli. Tero mukapatsa mlamu nyumba kwaulere cifukwa anathandiza pa matenda, msonkho udzawerengedwa ngati kuti mwaigulitsa.

Kwa inu amene mwasankhidwa kukhala adiministireta: udindo umenewu si malipiro, ndipo lamulo likuletsani kupindula nao. Gulani kabuku, mulembemo ndalama iriyonse yotuluka, ndi kusunga malisiti a khoti, a khonsolo ngakhale matikiti a basi. Mwana wamasiye ali ndi ufulu wopempha khoti kuti likuitaneni mukafotokoze mmene cuma cinayendera, ndipo oweruza adzafuna kuona mapepala. Amene alibe ndalama za loya angafunse thandizo ku ofesi ya Legal Aid Board ku Chipata asanasaine cipangano ciriconse.