Kuwerengera ndalama za mpanda wa waya pa puloti

Mtengo wa mpanda umayambira pa muyeso wa puloti, potsatira mabikoni osati malire ongoganizira. Puloti ya mamita 30 m'litali ndi 20 m'lifupi ikazunguliridwa yonse imakwana mamita 100. Akachotsapo mamita 4 a geti, patsala 96.

Mapolo akatalikirana mamita awiri ndi theka amafunika pafupifupi 40. Pa ngodya iliyonse pamafunikanso mapolo awiri ochirikiza, kutanthauza ena 8. Popanda amenewa, polo ya pangodya imapendekeka waya akamakokedwa. Mitengo ya bulugamu yosathira mankhwala ndi yotchipa, koma chiswe chimaidya kunsi. Yothiridwa mankhwala imadula pogula pokha.

Waya ndiye amapusitsa ambiri, chifukwa amagulitsidwa pa mpukutu. Ngati mpukutu wa waya wa maukonde uli wa mamita 30, itatu imangokwana mamita 90, ndiye wachinayi ugulidwe ndithu ngakhale pangoperewera mamita 6. Waya waminga amawerengedwa ndi mizere: mizere isanu idya mamita 480.

Geti yachitsulo imapangidwa ndi owotcherera, ndipo ndi bwino kufunsiratu ngati mtengo wake ukuphatikiza nsanamira, mahinjesi ndi kuimika. Nsanamirazo zimafuna simenti, mchenga ndi kwale, apo ayi geti imayamba kukhula pansi.

Aganyu ndi bwino kupangana nawo pa dzenje kapena pa ntchito yonse, osati pa tsiku, ndipo nthaka yamiyala imakweza mtengo. Misomali, waya womangira ndi galimoto yonyamula katundu nazo zilowe m'chiwerengerocho.