Phindu la 36 peresenti likatsala 26: zomwe MIRR imaulula

Munthu akafuna kuika ndalama mu bizinesi, akatswiri a zachuma amakonda kumuonetsa nambala yotchedwa IRR, yomwe imanena peresenti ya phindu pachaka. Nambalayi imakoma m'maso, koma ili ndi msampha.

Tiyerekeze kuti mayi wina wagula chigayo cha K10 miliyoni, ndipo chikumubweretsera K6 miliyoni kumapeto kwa chaka chilichonse kwa zaka 3. IRR ya chigayochi ndi 36.3 peresenti. Mayiyo angaganize kuti ndalama zake zonse zikukula pamlingo umenewu mpaka zaka zitatuzo zitatha. Kuti zitero, K6 miliyoni iliyonse yomwe walandira iyenera kukalowa pena pomwe ikaberekenso 36.3 peresenti, kuti pomaliza akhale ndi K25.3 miliyoni.

Mwayi wotere supezeka kawirikawiri. Mudzi umodzi sufuna zigayo ziwiri, choncho ndalamazo zimathera ku banki kapena mu bizinesi ya phindu locheperapo.

Apa m'pomwe MIRR imalowera. Imayamba yafunsa mwini ndalama kuti zomwe akulandirazo akaziika pati, ndipo zikabereka zingati. Tinene kuti ndi 10 peresenti. K6 miliyoni ya chaka choyamba ikhala zaka 2 ikubereka, n'kufika K7.26 miliyoni. Ya chaka chachiwiri ifika K6.6 miliyoni, pomwe yomaliza ikhalabe K6 miliyoni. Zonse pamodzi ndi K19.86 miliyoni. Tsono funso n'lakuti, K10 miliyoni ikule bwanji pachaka kuti ifike pamenepa m'zaka 3? Yankho ndi 25.7 peresenti, ndipo ndiyo MIRR.

Mu Excel, munthu amalemba -10, 6, 6, 6 kuyambira A1 mpaka A4, kenako:

```
=MIRR(A1:A4,10%,10%)
```

Peresenti yoyamba ndi chiwongoladzanja cha ndalama zolowa mu bizinesi, yachiwiri ndi ya zomwe zikuikidwanso pena.

Kusiyana kwa IRR ndi MIRR kumakula kwambiri pa bizinesi yobweza ndalama zambiri koyambirira, chifukwa ndalamazo zimakhala nthawi yaitali kunja kwa bizinesiyo. MIRR imathetsanso vuto lina. Bizinesi ikafuna ndalama zambiri pakati kapena kumapeto, monga mgodi womwe uyenera kukwiriridwa ukatsekedwa, IRR imatha kupereka mayankho awiri. MIRR imapereka limodzi basi.

Komabe yankholo limadalira peresenti yomwe munthu wasankha. Mayi uja akaika 20 m'malo mwa 10, MIRR ikwera kufika pafupifupi 30 peresenti chigayo chisanagaye thumba lina lililonse. Choncho woonetsedwa MIRR ayenera kufunsa peresenti yomwe yagwiritsidwa ntchito. MIRR sinenanso kukula kwa bizinesi: 26 peresenti ya K10 miliyoni ndi ndalama zochepa poyerekeza ndi 20 peresenti ya K100 miliyoni. N'chifukwa chake akatswiri amaiwerengera limodzi ndi NPV, yomwe imapereka phindu mu makwacha.