Ndalama zapita kale, nanga tipitirire kapena tilekere pomwepa?

Mu Novembala 1962 maboma a Britain ndi France adasainirana pangano lopangira limodzi ndege yonyamula anthu yomwe idzathamange kuwirikiza kawiri liwiro la phokoso. Ndegeyo adayitcha Concorde, ndipo idathekadi: ulendo wochoka ku London kupita ku New York inkautha m'maola atatu ndi theka, pamene ndege zina zimatenga maola asanu ndi awiri kapena kuposa. Koma lero akatswiri a zachuma akamatchula dzina la Concorde, kawirikawiri amakhala akunena za matenda amodzi a kaganizidwe, aja oti munthu azithirabe ndalama pa ntchito yosapindula chifukwa choti adathirapo kale zambiri.

Zizindikiro zidayamba kuoneka msanga. Mtengo wopangira ndegeyo unkakwera chaka ndi chaka mpaka udapitirira mapaundi 1 biliyoni, kuwirikiza kangapo zomwe adayerekeza poyamba. Concorde inkanyamula anthu pafupifupi 100 okha, pamene Boeing 747, yomwe idayamba ntchito mu 1970, inkanyamula oposa 300. Inkamwa mafuta modetsa nkhawa, ndipo mu 1973 mtengo wa mafuta udakwera dziko lonse. Chaka chomwecho makampani a Pan Am ndi TWA adabweza mawu awo ogula ndegeyo, ndipo dziko la America lidaletsa ndege zonyamula anthu kuthamanga kuposa phokoso pamwamba pa mtunda wake, chifukwa cha kugunda konga bingu komwe zimachititsa. Mapeto ake ndege 20 zokha ndizo zidapangidwa, ndipo 14 ndizo zidanyamulapo anthu olipira.

Nthawi yonseyi mfundo imodzi inkabwerabwera: tawononga kale zochuluka, tikasiya pano zonsezo zipita pachabe. Mfundoyi imamveka yanzeru, imamvekanso ngati ya munthu wosamala chuma. Koma ili ndi bowo. Ndalama zomwe zidalipidwa kale kwa amisiri ndi ogulitsa zitsulo sizikadabwerera, kaya ntchito ipitirire kaya iime. Paja madzi akatayika sawoleka. Chinthu chomwe chikhala chimodzimodzi mbali zonse ziwiri sichingatithandize kusankha mbali. Funso loyenera lidali limodzi: kuyambira lero, tiwonjezera zingati, ndipo tidzapeza zingati?

Tiyeni tiyeze funsoli pa nkhani yaing'ono yongoyerekeza. Mayi wina ali ndi minibasi yomwe chaka chino chokha yamudyera K4 miliyoni pokonzetsa. Tsopano injini yafa. Makanika akuti kuti iyendenso pakufunika K3 miliyoni, ndipo ikayenda ingagulitsidwe K5 miliyoni. Pali munthu wina amene akufuna kuigula momwe ililimu pa K3 miliyoni. Mayiyo akakonzetsa ndi kugulitsa, atsala ndi K2 miliyoni. Akagulitsa lero, atsala ndi K3 miliyoni. Kugulitsa lero kukuposa ndi K1 miliyoni. Tsopano tisinthe nambala imodzi: tinene kuti ikakonzedwa ingagulitsidwe K7 miliyoni. Apa kukonzetsa kumusiyira K4 miliyoni, ndiye akonzetse ndithu. Taonani kuti pa masamu onse awiri, K4 miliyoni ya chaka chino ija sidalowe paliponse. Ikadakhala K400,000 kapena K10 miliyoni, yankho likadakhala lomwelo.

Pamene anthu ambiri amasokonekera ndi posiyanitsa chomwe chapitiratu ndi chomwe chingapulumuke. K3 miliyoni yomwe wogula uja akupereka siyotayika ayi; ilipo, ndipo mayiyo akasankha kukonzetsa ndiye kuti wailola kupita, choncho iyenera kuwerengedwa. Chimodzimodzi ndalama yachikole yomwe ingabwezedwe, kapena katundu yemwe angagulitsidwe. Ngakhale chilango chophwanyira pangano chimawerengedwa, chifukwa chimalipidwa m'tsogolo, ndipo chimalipidwa pokhapokha munthu akasiya. Apa tiyenera kuwachitira chilungamo a ku Britain. Boma la Harold Wilson litalowa mu 1964 lidafuna kutuluka mu ntchito ya Concorde, koma pangano la 1962 lidalibe khomo lotulukira, ndipo padali mantha oti France ikasuma, Britain idzalipira zambiri. Padalinso ntchito za anthu ku Bristol ndi ku Toulouse. Zimenezi ndi zifukwa zoyang'ana kutsogolo, zoti munthu angazitsutse kapena kuzivomera. Chifukwa choti "tawononga kale" chokha ndicho chilibe mwendo woimira.

Nanga n'chifukwa chiyani chimatigwira mwamphamvu chonchi? Mu 1985 akatswiri a kaganizidwe ka anthu, Hal Arkes ndi Catherine Blumer, adafalitsa zomwe adapeza pa yunivesite ya Ohio. Anthu obwera kudzagula matikiti oonera masewero a zisudzo a nyengo yonse adagawidwa mwamaere: ena adalipira mtengo wonse wa madola 15, ena adawachotsera madola 2, ena madola 7. Masewero adali omwewo, ndipo aliyense tikiti idali kale m'thumba. Komabe m'theka loyamba la nyengoyo, olipira mtengo wonse ndiwo adapita kukaonera masewero ambiri. Chidawadzutsa pampando ndi ululu wa ndalama yomwe adatulutsa. M'theka lachiwiri kusiyanako kudazilala, ululu uja utapola.

Kwa mtsogoleri wa kampani kapena nduna ya boma pamawonjezeka china, chomwe ndi manyazi. Kusiya ntchito ndi kuvomera pagulu kuti ndalama zidatayika, pamene kupitiriza kumabisa kutayikako kwa chaka chinanso. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene vutoli limapweteka kwambiri, chifukwa wotchinjiriza mbiri yake ndi wina, wolipira msonkho ndi wina. N'chifukwa chake mabanki ena amachotsa ngongole yovuta m'manja mwa yemwe adaivomereza n'kuipereka kwa munthu wina. Njira yomweyo aliyense angaigwiritse ntchito payekha podzifunsa kuti: ndikadakhala kuti ntchitoyi ndaipeza lero momwe ililimu, ndisadaikepo ngakhale tambala, kodi ndikadaika ndalama zomwe zikufunikazi? Ngati yankho ndi ayi, ndipo mawu okhawo otsala pakamwa ndi oti "nanga zonse zija", ndiye kuti zakale ndizo zikulamula.

Koma lamuloli silikunena kuti nthawi zonse tizisiya. Nyumba yomwe yatsala denga lokha nthawi zambiri ndi yoyenera kuimaliza, chifukwa ndalama yotsala ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa nyumba yomalizika. Concorde yomwe ikutionetsa mbali iyi. Ndegezo zitapangidwa, mapaundi 1 biliyoni aja adali atapita. Mu 1984 kampani ya British Airways idalipira boma mapaundi 16.5 miliyoni kuti itenge udindo wonse wa ndege zake ndi zipangizo zotsala. Idali itakweza mitengo ya matikiti poona kuti okwera ambiri adali anthu olemera ndi akuluakulu a makampani, ndipo kwa zaka zambiri ndegezo zinkabweretsa zoposa zomwe zinkadya pa mafuta, malipiro ndi kukonzetsa. Kuziimitsa pa nthawi imeneyo chifukwa choti zidadula popanga kukadakhala kulakwitsa komwe kuja, kungoti kochokera mbali ina.

Masamu akutsogolo adasintha pambuyo pa ngozi ya mu Julayi 2000 pafupi ndi Paris, yomwe idapha anthu 113, komanso zigawenga zitaukira America mu Sepitembala 2001. Okwera adachepa, ndege zidakalamba, ndipo mtengo wozisamalira unkangokwera. Mu Epulo 2003 British Airways ndi Air France adalengeza kuti asiya, ndipo ulendo womaliza wonyamula anthu olipira udachitika mu Okutobala chaka chomwecho.