Cholinga cha phunziro chifanane ndi ntchito ya ku wodi

Mphunzitsi wa anamwino akamakonza phunziro la kutsegula m'mimba kwa ana, kawirikawiri amalemba kuti: "Pomaliza, ophunzira adziwe za kutha kwa madzi m'thupi." Koma adziwe mpaka pati? Woloweza zizindikiro akudziwa, wopulumutsa mwana akudziwanso, chikhalirecho anthu awiriwa ndi osiyana kutalitali.

N'chifukwa chake aphunzitsi amatsamira pa makwerero a kuganiza amene Benjamin Bloom ndi anzake adasindikiza ku Amereka mu 1956, ndipo Lorin Anderson ndi David Krathwohl adawakonzanso mu 2001. Masitepe ake ndi asanu ndi limodzi: kukumbukira, kumvetsa, kugwiritsa ntchito, kusanthula, kuweruza ndi kupanga chatsopano. Mphunzitsi amasankha sitepe, n'kulemba chochita chooneka ndi maso chogwirizana nayo.

Pa sitepe yoyamba angalembe kuti wophunzira atchule zizindikiro: maso olowa, kumwa mwaphuma, khungu lobwerera mochedwa ukalitsina pamimba. Izi n'zofunika, koma mayi wobwera ndi mwana kumsana sadzafunsa mndandanda. Cholinga choyenera namwino amene ali pafupi kupita ku wodi chili pa sitepe yachitatu: "Atapatsidwa zizindikiro ndi sikelo ya mwana, wophunzira anene mmene madzi athera, ndipo awerengere Thanzi woyenera kumwetsa." Mwana wa makilogalamu 10, wa maso olowa ndi ludzu lalikulu, watha madzi pang'ono. Lamulo likuti mamililita 75 pa kilogalamu iliyonse m'maola anayi, choncho yankho ndi mamililita 750. Apa palibe kukangana: wakhoza kapena walakwa.

Sitepe yachinayi imayamba pamene lamulo lija likusokeretsa. Mwana wonyentchera kwambiri amakhala ndi maso olowa ndi khungu lofota ngakhale madzi asanathe, ndipo kumuthamangitsira diripi kungalemetse mtima wake. Cholinga chonena kuti wophunzira asiyanitse ana awiriwa ndi kupereka zifukwa n'chapamwamba, choyenera amene wayamba kale kuona odwala. Kuchipereka m'sabata zoyambirira n'kumusenzetsa mtolo asanalimbe khosi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mayeso. Papepala cholinga chimati "asanthule", koma funso likabwera limati "tchulani zizindikiro zinayi". Ophunzira sachedwa kuzindikira: amaloweza, amakhoza, kenaka pamaso pa mwana wodwala amasowa poyambira. Ndipo makwerero amenewa amayeza za m'mutu zokha. Kutsina khungu moyenera kapena kulankhula modekha ndi mayi wamantha kumafuna cholinga chakechake, choyesedwa mphunzitsi akuonerera.

Inu aphunzitsi, musanapereke phunziro, ikani cholinga chilichonse pambali pa funso lake la mayeso. Ngati wophunzira angayankhe funsolo pongoloweza pamene cholinga chikufuna kuti aganize, lembaninso funsolo.