Ndowa ziwiri, chingwe chimodzi: chimasintha n'chiyani dzanja likachoka?

Tiyerekeze kuti tili pabwalo la sukulu ku Assumane, m'dera la Lichinga. Pa nthambi ya mtengo tamangirira kagudumu kopepuka kokhala ndi mpata wodutsamo chingwe, ngati kamene amisiri amakwezera matope pomanga nyumba. Kumapeto kumodzi kwa chingwe kuli ndowa ya mchenga ya makilogalamu 3, ndipo kumapeto kwinako kuli ya makilogalamu 2. Mwana mmodzi wagwira ndowa yaikuluyo kunsi kwake kuti isatsike. Tikafunsa kuti chichitike n'chiyani iye akachotsa manja, kalasi yonse iyankha pamodzi kuti yaikulu itsika, yaing'ono ikwera. Koma tikafunsa ngati chingwe chikoke kwambiri kapena pang'ono kuposa poyamba, ana amagawikana, ndipo aphunzitsi ambiri amagawikana nawo.

Tiyambe ndi mawu, pakuti m'kalasi ya zinenero ziwiri phunziro ili limasokonekera pamenepo. Mabuku a Chipwitikizi ali ndi mawu awiri, masa ndi pezu, pamene ife timangoti kulemera. Masa ndi kuchuluka kwa chinthucho, ndipo timayeza m'makilogalamu. Pezu ndi mphamvu imene dziko limakokera chinthucho pansi, ndipo timayeza m'manyutoni. Kilogalamu imodzi imakokedwa ndi manyutoni pafupifupi 9,8, koma pano tiwerengera 10 kuti masamu apepuke. Choncho dziko likukoka ndowa yaikulu ndi manyutoni 30, yaing'ono ndi manyutoni 20. Ziwerengero ziwirizi sizisintha, kaya ndowa zaima kaya zikuyenda. Chimene chimasintha ndi mphamvu yachitatu, ya chingwe.

Mphamvu imeneyi ife timaitcha kukungika. Mawuwa sitinawapeke: ana amadziwa kukunga ng'oma ndi kukunga uta, amadziwanso kuti chingwe chokhwepa sichikoka kanthu. Timawakonda kuposa kunena kuti "kulemera kwa pa chingwe", chifukwa mawu amenewo amabisa cholakwa m'kati mwake. Mwana amene waphunzira kuti chingwe "chanyamula kulemera kwa ndowa" adzaganiza kuti mbali ya ndowa yaikulu nthawi zonse ili ndi 30 ndipo mbali inayo ili ndi 20. Ku Assumane ana ambiri amalankhula Chiyawo kunyumba, motero ndi bwino kuwafunsa mawu amene makolo awo amanena chingwe cha mbuzi chikakokeka mpaka kuwongoka, n'kuwalemba pabolodi pafupi ndi athuwa.

Chingwe chimodzi chopepuka, chodutsa pa gudumu lopepuka lozungulira popanda kugwira, chimakungika mofanana kuyambira kumapeto kumodzi mpaka kwina. Gudumu limangotembenuza njira ya kukokako, silichulukitsa kapena kuchepetsa. Ndiye funso lathu ndi la chiwerengero chimodzi chokha: kodi chingwe chonsecho chakungika ndi manyutoni angati?

Pamene mwana uja wagwira ndowa yaikulu kunsi, yankho tilipeza poyang'ana ndowa yaing'ono, imene palibe akuikhudza. Iyo yaima m'malere. Dziko likuikokera pansi ndi 20, ndipo kuti iime chingwe chiyenera kuikokera m'mwamba ndi 20. Kukungika ndi 20. Chingwe chomwecho chikukoka ndowa yaikulu m'mwamba ndi 20, ndipo manyutoni 10 otsalawo ali m'manja mwa mwanayo. Mufunseni ngati akumva kulemera kwa ndowa yonse. Adzakuuzani kuti ndowayo yapepuka.

Tsopano manja achoka. Ndowa yaikulu yatsala ndi 30 wokokera pansi ndi 20 wokokera m'mwamba, choncho iyamba kugwa. Koma siingagwe yokha, popeza yamangidwa ku inzake. Ikangoyamba kutsika imakoka chingwe, chingwe chimatamuka pang'ono kwambiri, mwina kosaoneka ndi maso, ndipo kukungika kumakwera kupitirira 20. Kukapitirira 20, ndowa yaing'ono imayamba kukwera, chifukwa tsopano chokokera m'mwamba chaposa chokokera pansi. Apa pali malire awiri amene mwana angawapeze yekha popanda kulemba samu. Kukungika kuyenera kuposa 20, apo ayi ndowa yaing'ono siikananyamuka. Kuyeneranso kuchepera 30, apo ayi yaikulu siikanayamba kutsika. Yankho lili pakati.

Ana ambiri, ndi ife tomwe tisanaganize bwino, timalumphira pa 25. Tiyeni tiyese 25. Lamulo lachiwiri la Newton limati mphamvu yotsala tikaigawa ndi makilogalamu a chinthu timapeza mmene liwiro lake likukulira pa sekondi iliyonse. Ndowa yaikulu ikanatsala ndi manyutoni 5 pa makilogalamu 3, liwiro lake n'kumakula ndi mamita pafupifupi 1,7 pa sekondi, sekondi iliyonse. Yaing'ono ikanatsalanso ndi 5, koma pa makilogalamu 2 okha, liwiro lake n'kumakula ndi 2,5. Ndiye kuti yaing'ono ikanakwera msanga kuposa mmene yaikulu ikutsikira. Chingwe chikanayamba kukhwepa, ndipo kukungika kukanatsika kuchoka pa 25. Tikayesa 22 tipeza zosiyana: yaikulu ikanathawa inzake, chingwe n'kutamuka, kukungika n'kukwera. Chingwe chimadzikonza chokha mpaka chifike pamene ndowa zonse ziwiri zikukulitsa liwiro mofanana, pakuti utali wake susintha.

Chiwerengero chimenecho ndi 24. Ndowa yaikulu imatsala ndi 30 kuchotsa 24, amene ndi 6, ndipo 6 kugawa ndi 3 ndi 2. Yaing'ono imatsala ndi 24 kuchotsa 20, amene ndi 4, ndipo 4 kugawa ndi 2 ndi 2. Zagwirizana. Njira yachidule yopezera 2 ameneyu ndi kuona ndowa ziwirizi ngati katundu mmodzi wa makilogalamu 5 amene akuyendetsedwa ndi kusiyana kwa manyutoni 10. M'mabuku mudzapeza lamulo lake litalembedwa motere, pamene g ndi 10 wathu uja:

T = 2 · m₁ · m₂ · g / (m₁ + m₂)

Ife tingakonde kuti lamuloli lifike pabolodi kumapeto, ana atayesa kale 25 n'kuona akukanika, chifukwa mwana amene waona chifukwa chake 25 sagwira adzakumbukira 24 ngakhale ataiwala zilembo.

Tabwererani ku funso loyamba lija. Kukungika kwakwera kuchoka pa 20 kufika pa 24. Koma mwana wina akagwira ndowa yaing'ono, kuikokera pansi kuti isakwere, ndiye kuti yaikulu ndiyo yaima yokha m'malere, ndipo kukungika ndi 30. Akaisiya, kukungika kumatsika kuchoka pa 30 kufika pa 24 yemweyo. Ana amene anati chingwe chikoka kwambiri ndi amene anati chikoka pang'ono onse angakhale olondola. Zimadalira pamene dzanja linali. Mphunzitsi amene afunsa funsoli osanena kuti ndowa yogwidwa ndi iti adzalakwitsa mwana amene sanalakwe. Dzanja ndi mphamvu, ndipo pojambula chithunzi pabolodi liyenera kukhala ndi muvi wake monga dziko ndi chingwe.

Pali chinanso chimene chimadabwitsa. Tikachotsa ndowa ya makilogalamu 3 n'kumangapo thumba la chimanga la makilogalamu 30, dziko likukoka thumbalo ndi manyutoni 300, koma likasiyidwa chingwe chimangokungika ndi 37,5. Ngakhale titamanga mwala waukulu chotani, kukungika sikungapitirire 40, kutanthauza kuwirikiza kawiri mphamvu yokokera pansi ndowa yaing'ono. Chinthu cholemeracho sichingagwe mofulumira kuposa chinthu chogwa chokha, ndipo chingwe chimangofunika mphamvu yokwanira kuthamangitsa ndowa yaing'ono kuti iyendere limodzi nacho. Ngozi ili pamene kuyendako kwaimitsidwa mwadzidzidzi: ndowa yaing'ono ikakafika pa gudumu n'kukodwa thumba lisanafike pansi, chingwe chimalandira mphamvu yaikulu pa kanthawi kochepa ndipo chikhoza kuduka. Ana aime patali, ndipo zinthu zolemera chotere tizingowerengera pabolodi.

Chida ichi anachifotokoza George Atwood wa ku Cambridge, m'dziko la England, m'chaka cha 1784. Iye ankafuna kuchedwetsa kugwa kwa zinthu kuti athe kukuyeza ndi wotchi, choncho ankamanga zolemera ziwiri zosiyana pang'ono chabe. Ife tikufuna kuona kukungika kukusintha, ndipo pamenepo pali kusankha. Zolemera zikasiyana pang'ono, zimayenda pang'onopang'ono koma kusintha kwa kukungika kumachepa mpaka kusaoneka. Zikasiyana kwambiri, zonse zimatha diso lisanaphethire. Ndowa zathu za 3 ndi 2 zimayenda mita imodzi m'sekondi imodzi, ndipo mamita 2 m'sekondi imodzi ndi theka osakwana. Ndi nthawi yochepa, koma yokwanira.

Kuti ana aone ndi maso, dulani mphira wa chubu cha njinga, mumange pakati pa chingwe ndi ndowa yaing'ono. Mwana akasiya ndowa yaikulu, mphirawo umatalika. Akasiya yaing'ono, umafupika. Umanjenjemera pang'ono poyamba, ndipo kunjenjemerako ndiko kudzikonza kwa chingwe kumene tafotokoza kuja. Ngati mungabwereke sikelo yopachika ya ogula nyemba ndi chimanga, ipachikeni pa nthambi ndipo gudumu likolekedwe kunsi kwake. Gudumu limakokedwa ndi mbali ziwiri za chingwe, motero sikelo imaonetsa kukungika kowirikiza kawiri. Tikachotsera kulemera kwa gudumu lenilenilo, idzaloza makilogalamu 4 pamene ndowa yaikulu yagwidwa, 6 pamene yaing'ono yagwidwa, ndi pafupifupi 4,8 pamene zikuyenda, ngakhale kuti mchenga wonse ndi makilogalamu 5. Muvi wa sikelo umagwedezeka, choncho kujambula kanema pa foni n'kumuimitsa pakati kumathandiza kuwerenga.

Musayembekeze kuti ziwerengero zidzatuluka ndendende, ndipo zikasiyana, funsani gudumu. Ambiri amatenga limu la njinga lopanda tayala, popeza limapezeka msanga ndipo limazungulira bwino. Koma limu ndi lolemera, ndipo nalonso liyenera kukulitsa liwiro. Ngati chitsulo cha m'mphepete mwake chili kilogalamu imodzi, manyutoni 10 aja akuyendetsa makilogalamu 6 m'malo mwa 5, liwiro likukula ndi pafupifupi 1,7, ndipo chingwe sichikungikanso mofanana: mbali ya ndowa yaikulu ili ndi 25, mbali ya yaing'ono ili ndi 23 ndi kachigawo. Kusiyana kumeneko ndiko kukuzunguza limulo. Mukangoponya chingwe pa nthambi popanda gudumu, kukhuzana kwa chingwe ndi khungwa kukhoza kugwira manyutoni 10 onsewo, ndowa n'kuima ngakhale palibe dzanja, mbali imodzi 30, ina 20. Musanayambe phunziro, yesani chida chanu motere: thirani mchenga wofanana m'ndowa zonse, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono mbali imodzi. Ngati ndowa iyamba kutsika mutangothira kadzanja kamodzi, gudumulo ndi labwino. Ngati pafunika kapu yodzaza, thirani mafuta pa chitsulo chake kapena funani lina.