Kudula kapena kusungunula: polumikiza zithunzi za vidiyo

Wokonza vidiyo akafika pamene chithunzi china chathera ndipo china chikuyamba, amasankha njira yozilumikizira. Yosavuta kwambiri ndi kudula: chithunzi choyamba chimachoka, chachiwiri n'kubwera nthawi yomweyo. Ina ndi kusungunula, pomwe choyambacho chimazilala pang'onopang'ono chinzake chikuonekera mkati mwake. Pa kompyuta njirayi kawirikawiri imalembedwa kuti Cross Dissolve. Palinso zija zamatsenga, zozungulira, zothwanima ndi zotembenuka ngati tsamba la buku, zomwe zadzaza m'mapulogalamu monga CapCut.

Njira iliyonse ili ndi chimene imauza woonera. Kudula kumanena kuti nkhani ikupitirira, nthawi ndi yomweyo. Kusungunula kumanena kuti padutsa nthawi kapena malo asintha. Wokonza akasungunula pakati pa anthu awiri amene akucheza, woonera amasokonezeka, chifukwa wauzidwa kuti papita nthawi pamene yankho labwera pompo.

Vidiyo ya ukwati imaonetsa bwino zimenezi. Tinene kuti m'tchalitchi muli makamera awiri, ina ikujambula patali, ina yayandikira manja a akwati. Mkwati akutambasula dzanja kuti aveke mnzake mphete. Malo abwino odulira ndi pakati pa kuyenda kwa dzanjalo: liyambe kuyenda pa kamera yakutali, limalize pa yapafupi. Diso limatsatira dzanja ndipo silizindikira n'komwe kuti kamera yasintha. Koma pakaikidwa kusungunula kwa sekondi imodzi, pa vidiyo ya mafelemu 25 pa sekondi, mafelemu onse 25 amakhala osakanikirana. Chapakati pake pamaoneka manja anayi ndi nkhope zolowana, mphete osaoneka bwino, chikhalirecho ndi imene abale amafuna kuona.

Kusungunula kumayenera pamene mwambo wa kutchalitchi watha ndipo chithunzi chotsatira ndi cha kuholo, perekaniperekani ali mkati. Apa padutsadi maola. Komabe pamafunika mafelemu apadera, 12 kapena 13 kupitirira podulira mbali iliyonse. Akasowa, pulogalamu imabwereza felemu imodzi ndipo chithunzi chimaoneka ngati chauma, kapena pamatulukira kugwedera kwa kamera pamene wojambula ankaitsitsa.

Ambiri amasungunula pofuna kubisa chilema. Nkhoswe yalankhula mphindi khumi, wokonza wachotsa zapakati, ndiye mutu wa wolankhulayo ukudumpha. Kusungunula sikuchiza zimenezi, kumangochititsa munthu mmodzi kuoneka ndi mitu iwiri. Mankhwala ake n'kudula kupita kwa anthu omvetsera kapena kwa akwati kwa masekondi awiri kapena atatu mawu akupitirira, kenako n'kubwerera.

Ngakhale podumpha nthawi, kudula nthawi zina kumaposa. Mu filimu ya Lawrence of Arabia ya 1962, Lawrence akuzima kamtengo ka machesi ndi mpweya wa pakamwa ali mu ofesi ku Cairo, ndipo pomwepo pakubwera chipululu dzuwa likutuluka. Pamenepa anakonza zoti asungunule. Masiku amenewo kusungunula kunkachitikira ku labotale, choncho Anne V. Coates, yemwe ankalumikiza filimuyo, ndi David Lean, yemwe ankaitsogolera, anayamba aona zithunzizo zitangolumikizidwa chodula. Anazikonda ndipo anazisiya choncho. Mphamvu yake ili pa kudzidzimutsa: kalawi kakang'ono kazima, dzuwa latulukira. Akanasungunula, kudzidzimutsako kukanatha.

Izi sizikutanthauza kuti zokometsera n'zoletsedwa. Star Wars ya 1977 ili ndi malo ambiri pomwe chithunzi chatsopano chimasesa chakale kuchokera mbali ina. Sizinyansa chifukwa zimagwira ntchito imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, yochotsa woonera pamalo ena kupita naye pena. Chimene chimaononga vidiyo n'kusinthasintha: apa nyenyezi, apo tsamba lotembenuka, uko kuthwanima, popanda chifukwa china koma kuti pulogalamu ili nazo.

Choncho wokonza waluso amadziikira malamulo ochepa asanayambe ntchito. Pa ukwati uja angasankhe kuti mkati mwa chochitika chimodzi azidula basi, posintha malo azisungunula kwa sekondi imodzi, ndipo chithunzi chizilowa mumdima kumapeto kokha. Utali wa kusungunula amauika kamodzi mu pulogalamu kuti usamasiyane. Ntchito ikatha amaonera vidiyo yonse atatseka mawu, chifukwa nyimbo imabisa zambiri, ndipo paliponse pamene wasungunula amadzifunsa ngati padutsadi nthawi kapena malo asintha. Yankho likakhala ayi, pamenepo ndi podula.